Mphindi zitatu, malonjezo atatu: mawu a wofuna mpando wa gulu la achinyamata

Pa chisankho cha gulu la achinyamata sipakhala galimoto za zimkuzamawu, nsalu zachipani kapena magule ovinidwa tsiku lonse. Kampeni yonse imachitika tsiku lomwelo, m'kalasi yapulayimale yobwereka Loweruka masana, kapena pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Woyendetsa chisankho, amene kawirikawiri amakhala mlangizi wa gululo, mphunzitsi, kapena munthu wochokera ku netiweki ya achinyamata ya m'dera la mfumu yaikulu, amaitana opikisana mmodzimmodzi n'kuwauza kuti aliyense ali ndi mphindi ziwiri kapena zitatu. Onse akalankhula, anthu amavota pomwepo.

Mukakhala nawo pa zisankho zingapo zotere, mumayamba kudziwiratu zomwe zinenedwe. Woyamba amati akasankhidwa adzabweretsa chitukuko. Wachiwiri amati adzalimbikitsa umodzi. Wachitatu amati gulu lipita patsogolo, ndipo iye ndi munthu wachilungamo. Anthu amawomba m'manja mofanana kwa onse atatu, kenako aliyense amavotera mnzake wa mpira kapena msuweni wake, popeza m'mawu aja munalibe chosiyanitsa anthuwo. Chaka chikatha, palibe membala amene angaimirire n'kunena kuti wapampando ananama, chifukwa palibe chomwe ananena choti munthu n'kumugwira nacho.

Lonjezo lenileni ndi lomwe angakugwire nalo pakamwa. Kuti likhale lotero, womva ayenera kudziwa chinthu chomwe chichitike, tsiku lomwe chikhale chitachitika, ndi komwe ndalama zake zichokere ngati chikufuna ndalama. Palinso funso lina lomwe ambiri amalilumpha: kodi chinthucho chili m'manja mwa wapampando? Wapampando wa gulu la achinyamata mphamvu zake n'zochepa. Amaitanitsa misonkhano mogwirizana ndi mlembi, amaitsogolera, amakonza mitu yokambirana, amaimira gulu kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ku ofesi ya achinyamata ya paboma, ndipo m'magulu ambiri ndi mmodzi mwa osainira ndalama. Salemba anthu ntchito, sapereka ngongole, sagawa malo.

Nanga n'chifukwa chiyani atatu? Omvera sakhala ndi pepala m'manja. Zinthu zitatu munthu amaziwerenga pazala akubwerera kwawo ndipo amatha kukazifotokoza kwa mnzake amene sanabwere. Zikafika zisanu ndi ziwiri, amakumbukira choyamba ndi chomaliza basi, ndipo wolonjezayo amapeza pobisala: akakwaniritsa ziwiri zosavuta amati wagwira ntchito.

Tiyerekeze gulu lina la pamalo a malonda ang'onoang'ono, lokhala ndi mamembala 40 m'kaundula. Malamulo a gululi amati aliyense azipereka K1,000 pamwezi, koma opereka mokhulupirika ndi 25 okha, ndiye kuti m'thumba mumalowa K25,000 pamwezi, osati K40,000 yomwe ili papepala. Pafupifupi K15,000 imathera pa thiransipoti ya opita ku misonkhano ya netiweki, mayunitsi a foni ndi makope a mlembi. Imatsala ndi K10,000. Chisankho chili mu Januwale ndipo mpando ndi wa chaka chimodzi. Mtsikana wina, amene wakhala m'gululi zaka ziwiri ngati membala wamba, wasankha kupikisana nawo.

Asanalembe liwu ndi limodzi lomwe, ntchito yake yoyamba ndi kumva zomwe anthu amang'ung'udza akamatuluka mu msonkhano, osati zomwe amanena ali mkati. M'magulu ambiri madandaulo amafanana. Ndalama zimasonkhedwa koma palibe amene akudziwa kuti zatsala zingati. Kalata yoitana anthu awiri ku maphunziro ikabwera kuchokera ku bungwe lina kapena ku ofesi ya achinyamata, opita amakhala omwewomwewo, wapampando ndi mlembi wake, ndipo enawo amangomva kuti kunali alawansi. Atsikana amadandaula kuti ndalama zamasewero zonse zimathera ku mpira wamiyendo, iwo akusewera wamanja ndi mpira wophulika kapena wobwereka kusukulu. Malonjezo atatu a mtsikanayu ali kale m'madandaulo amenewa. Sakufunika kuwasaka kwina.

Anzake omuthandiza amubweretsera maganizo ena okoma kumva, ndipo apa m'pomwe ayenera kukhala wouma mtima. Wina akuti alonjeze ngongole za boma kwa mamembala onse. Ngongolezo zili ndi ndondomeko ndi zoyenereza zakezake, ndipo wovomereza si wapampando wa gulu; chomwe iye angathe n'kukafunsa mmene zimayendera n'kudzafotokoza. Wina akuti alonjeze malo ophunzirira luso lamanja kudzera ku TEVETA, koma nakonso amasankha okha. Wina akuti anene zomanga holo ya achinyamata ndi ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu. Ganizo lotere limayenda kuchokera ku komiti ya m'mudzi, kupita ku ya dera, mpaka ku khonsolo, ndipo limapikisana ndi milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu. Munthu wokhala pampando chaka chimodzi akalonjeza holo, walonjeza ndi thumba la eni. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Kuno mutu wodulidwa umakhala wa wolonjeza yemweyo, pa msonkhano wa Disembala, anthu akayamba kufunsa kuti njerwa zija zili kuti.

Lonjezo la mpira ndi lokhalo mwa atatuwa lofuna ndalama, choncho liyenera kuwerengedwa bwino lisanatuluke pakamwa. Tinene kuti mtsikanayu wapita kusitolo n'kupeza mpira wamanja wabwino pa K40,000. Ndi K10,000 yotsala ija, gulu litasunga mu Febuluwale, Malichi, Epulo ndi Meyi, ndalamayo yakwana. Tsiku loti alinene ndi msonkhano woyamba wa mu Juni. Akanena Malichi pofuna kusangalatsa anthu, wadzitchera yekha msampha. Komanso ayenera kukumbukira kuti ndalamazo si zake. Kuzipatula kumafuna chilolezo cha gulu. Ndiye m'mawu ake anene poyera kuti ganizoli adzaliika pamsonkhano woyamba kuti livomerezedwe, ndipo womuvotera adziwe kuti akuvotera ganizo limeneli.

Mawu ake angamveke motere:

“Zikomo alangizi athu, a komiti yomwe ikutuluka, ndi inu anzanga nonse. Dzina langa mukulidziwa. Ndakhala m'gulu lino zaka ziwiri, ndipo chaka chatha ndi ine ndinkasunga kaundula wa timu ya mpira wamanja. Ndaima pano kupempha voti yanu kuti ndikhale wapampando, ndipo ndikulonjeza zinthu zitatu zokha.

“Choyamba ndi ndalama zathu. Pa msonkhano woyamba wa mwezi uliwonse, tisanakambe china chilichonse, msungichuma aziwerenga zomwe zalowa, zomwe zatuluka ndi zomwe zatsala. Mamembala awiri omwe sali mukomiti aziona bukulo ndi kuwerenga ndalamazo pamaso pa tonse. Tiyamba mu Febuluwale.

“Chachiwiri ndi maphunziro. Kalata ikabwera yoitana anthu ku maphunziro, idzawerengedwa pano, ndipo tizipita mosinthana potsata kaundula, mnyamata ndi mtsikana. Amene wapita kamodzi sapitanso mpaka anzake atalawako. Ngati kalatayo sinatchule wapampando mwachindunji, ine dzina langa lidzakhala kumapeto.

“Chachitatu ndi mpira wa atsikana. Ndafunsa mtengo, ndi K40,000. Mwezi uliwonse timatsala ndi pafupifupi K10,000. Pamsonkhano wa Febuluwale ndidzapempha kuti tivomereze kusunga ndalama imeneyi miyezi inayi, ndipo pamsonkhano woyamba wa mu Juni mpirawo udzakhala patebulo ili.

“Ndalama ziziwerengedwa mwezi ndi mwezi, maphunziro tizipita mosinthana, mpira ubwera mu Juni. Ndikupempha mlembi alembe zitatuzi m'buku lero lomwe, kuti ndikalephera mudzandifunse ndi buku m'manja. Ntchito sindikulonjezani chifukwa ndilibe, nanenso ndikuisaka. Zitatuzi ndiye ndingathe. Mundivotere. Zikomo.”

Mawu amenewa, akalankhulidwa mosathamanga, amatha m'mphindi ziwiri kapena kupitirira pang'ono. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo munthu wolankhula pagulu momveka sapitirira kwenikweni mawu 100 pamphindi. Choncho wopatsidwa mphindi zitatu asalembe mawu oposa 280, ndipo njira yodziwira ndi imodzi yokha: kuwerenga mokweza wina atagwira wotchi ya pafoni. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Woyendetsa chisankho akakudula uli pakati pa lonjezo lachiwiri, anthu amakumbukira kudulidwako, osati lonjezolo.

Malonje a mtsikanayu ndi chiganizo chimodzi. Ulemu ndi wofunika, ndipo ngati amfumu kapena nthumwi yawo ali pomwepo ayenera kutchulidwa poyamba, kenako alangizi ndi alendo. Koma pali chizolowezi chotengera kumisonkhano ya akuluakulu chotchula aliyense ndi udindo wake mpaka womenya belu, ndipo pamphindi zitatu chimadya gawo lalikulu. Chimodzimodzinso mbiri ya moyo. Awa ndi anthu a m'dera limodzi, amadziwa kwanu, amadziwa sukulu yomwe unaphunzira ndi pomwe unalekezera. Chofunika ndi ntchito imodzi yomwe unaigwirapo m'gulumo ndipo iwo anaiona ndi maso. Kusunga kaundula wa timu ndi ntchito yaing'ono, koma ikugwirizana ndi zomwe akulonjezazo, zomwe zonse ndi za mabuku ndi dongosolo.

Lonjezo loyamba ndi lomwe lili ndi minga, ndipo liyenera kunenedwa mosamala kuposa enawo. Msungichuma wakale ali m'chipindamo, pamodzi ndi abale ake ndi anzake, ndipo onsewo ali ndi voti. Mtsikanayu sananene kuti ndalama zinasololedwa, ngakhale mphekesera ilipo. Akanatero, zokamba zikanasanduka mlandu, ena akanayamba kuteteza mnzawo, ndipo ngati alibe umboni nkhaniyo ikanatha kukafika kubwalo la amfumu ngati yoipitsa mbiri ya munthu. Iye wangonena dongosolo la mawa. Womva amene ali ndi chikaiko wamva bwino lomwe chomwe chikunenedwa, ndipo msungichuma amene anali wokhulupirika sangadane ndi dongosolo lomwe likumuyeretsa. Taonaninso kuti owerenga ndalama ndi anthu a kunja kwa komiti. Popanda mfundo imeneyi lonjezoli ndi lopanda mano, chifukwa komiti yowerengerana yokha ndi yomwe anthu akhala akuidandaula.

Lachiwiri lili ndi mphamvu ina: likumudula wolonjezayo. Aliyense m'chipindamo akudziwa kuti phindu looneka la mpandowu ndi maulendo a ku maphunziro ndi kandalama ka alawansi. Munthu akanena pagulu kuti dzina lake lidzakhala kumapeto, wadzimana yekha chomwe ena akuulimbirana mpandowo, ndipo anthu amakhulupirira msanga mawu omwe akumupweteka mwiniwake. Komabe wasiya khomo loyenera ponena kuti “ngati kalatayo sinatchule wapampando mwachindunji”. Misonkhano ina, monga ya netiweki, imaitana atsogoleri enieni, ndipo akanalonjeza kuti sadzapita kulikonse, akanathyola lonjezo lake mwezi woyamba womwe.

Ena angati lonjezo lachitatu likukondera atsikana ndipo lingamutayitse mavoti a anyamata. Zimenezo n'zotheka, ndipo ayenera kuziganizira poyang'ana gulu lake. Ngati anyamata ndi ochuluka kwambiri ndipo nawonso mpira wawo watha, angasinthe n'kunena kuti wa atsikana mu Juni, wa anyamata mu Okutobala, chifukwa masamu ake ndi omwewo, miyezi ina inayi. Chosayenera ndi kuchotsa mtengo ndi mwezi n'kutsala ndi mawu oti “ndidzatukula masewero”, omwe sakhumudwitsa munthu komanso sakopa munthu.

Pali zina zomwe zimaononga mawu abwino patsikulo. Kuwerenga papepala mutu uli pansi n'koyamba. Ndi bwino kulemba mawu atatu okha pakapepala, ndalama, maphunziro, mpira, n'kumayang'ana anthu. Kusakaniza Chingerezi chambiri pofuna kuoneka wophunzira kumatalikitsa mamembala omwe sukulu anasiyira panjira, amene m'magulu ambiri akumudzi ndi ochuluka. Mfuwu woti “achinyamata hoyee!” umadzutsa anthu ngati akuwodzera, koma ukabwerezedwa katatu watenga malo a lonjezo. Ndipo pali nkhani ya maswiti, zibwente ndi mayunitsi ogawidwa usiku wa chisankho. Pa ndale za dziko, lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota. Lamulolo silinalembedwere magulu a achinyamata, koma vuto lomwe linkafuna kuchiza ndi lomweli: wogula voti amadzabweza ndalama zake kuchokera m'thumba la gulu, ndipo munthu wolonjeza kuwerenga ndalama poyera sangayambe ndi kugula anthu.

Wopikisana afunsenso pasadakhale mmene mavoti adzaponyedwere, chifukwa zimasintha kulemera kwa mawu ake. Magulu ena amavota polemba dzina pakapepala, ena amakweza manja opikisana atatuluka panja kapena atatembenukira kukhoma, ena amaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, monga zimachitikira pa zisankho zina zachipulula za zipani. Povota moonekera, munthu amaopa kukhumudwitsa mlamu wake kapena kaputeni wa timu yake, ndipo mawu okoma bwanji sasuntha anthu ambiri. Povota mwachinsinsi, amene wakhutira ndi malonjezo amatha kutsata mtima wake. Wodalira malonjezo ake ali ndi chifukwa chokwanira chopemphera mapepala, ndipo apemphe chisankho chisanayambe, osati ataluza. Afunsenso ngati wopambana ndi wongoposa anzake kapena wopeza mavoti oposa theka. Amalawi funsoli akulidziwa bwino kuchokera pa chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020, chomwe chinati pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la onse oponyedwa. M'gulu la achinyamata yankho lili m'malamulo a gululo, ndipo ngati malamulowo sananene kanthu, ndi bwino kugwirizana anthu asanavote. Pa opikisana atatu ndi ovota 36, munthu atha kutenga mpando ndi mavoti 13 okha, ena 23 atamukana.

Magulu ena amalola mafunso awiri kapena atatu pambuyo pa mawu a wopikisana aliyense. Wolonjeza zinthu zogwirika mafunso ake amadziwikiratu. Wina adzafunsa kuti nanga anthu 15 osapereka aja nawonso azipita ku maphunziro? Ili ndi funso labwino, ndipo yankho loona ndi lakuti mndandanda wosinthana uzitsata malamulo a gulu pa za membala wokwanira. Ngati gulu likufuna kuti wangongole adumphidwe mpaka atalipira, ligamule lokha mu Febuluwale. Wopikisana asapange lamulo latsopano ali chiimire pofuna kusangalatsa wofunsayo.

Pempho loti mlembi alembe malonjezowo m'buku si lokometsera chabe. Zonenedwa pakampeni sizilowa m'maminitsi pokhapokha wina atapempha, ndipo pakapita miyezi isanu aliyense amakumbukira zakezake: uyu akuti unati Epulo, uyo akuti unalonjeza ndi mayunifolomu omwe. Buku limateteza mbali zonse ziwiri.

Tsono tinene kuti mtsikanayu wapambana, ndalama zasungidwa miyezi inayi, ndipo kumapeto kwa Meyi wabwerera kusitolo kuja n'kupeza mpira wakwera kufika pa K48,000, zomwe ndi mmene mitengo imayendera kuno sizingadabwitse munthu. M'thumba muli K40,000. Njira zilipo zitatu: kudikira mwezi umodzi kuti K10,000 ya Juni ikwaniritse, kugula mpira wotsikirapo mtengo, kapena kulondola ngongole, popeza anthu asanu ndi atatu okha mwa osapereka aja atalipira mwezi umodzi K8,000 yapezeka. Kusankha pakati pa njirazi si kwa wapampando yekha. Chake n'kubwera pamsonkhano woyamba wa mu Juni ndi mtengo watsopanowo utalembedwa ndi mwini sitolo, mlembi n'kuwerenga lonjezo lija monga linalembedwera mu Januwale, msungichuma n'kuika K40,000 patebulo, gulu n'kuvota.